Kalata Yopempha Kampani Kuti Ithandize Chikho cha Mpira wa M'mudzi

Chaka ndi chaka, chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo nandolo akayamba kuuma m'minda, anyamata a m'midzi ya m'boma la Chiradzulu, kuyambira ku Namadzi ndi ku Mbulumbuzi kufikira ku Namitambo, ku Thumbwe ndi ku Milepa, amalambula mabwalo awo, nadzutsa mitengo ya zigoli imene chiswe chinagwetsa m'dzinja. Ndipo pasanathe masabata awiri akuluakulu a mpira amakhala pansi pa mtengo kufunsana kumene kudzachokere chikho, mipira ndi mphoto. Pamenepo pamapezeka wina wonena kuti, "Tiyeni tilembere kampani," onse navomera, kalata nilembedwa usiku womwewo papepala long'ambidwa m'kope, nipita ku Limbe m'thumba la munthu wokagula katundu wa m'golosale. Yankho lake silibwera, ndipo anthu amatsala akung'ung'udza kuti makampani ndi ouma manja. Chikhalirecho nthawi zambiri cholakwa chimakhala m'kalatamo, pakuti inapempha chifundo kwa munthu amene ntchito yake si yogawa zachifundo.

Chimene kampani imagula

Kalata yotere ikafika ku likulu la kampani, kaŵirikaŵiri imagwera pa tebulo la mkulu woona zotsatsa malonda, munthu amene anapatsidwa ndalama zoŵerengeka kuti dzina la kampaniyo limveke ndi kuti katundu wake agulidwe, amenenso pakutha pa chaka adzaimirira pamaso pa mabwana ake kulongosola chimene kwacha iliyonse inabala. Munthu ameneyu angakhale ndi mtima wabwino ndithu, angakhalenso mwana wa konkuno kwa Kadewere kapena kwa Mpama, koma sangathe kukauza omulemba ntchito kuti anapereka ndalama chifukwa anyamata a kumudzi anamumvetsa chisoni. Chimene angathe kunena n'chakuti anthu akutiakuti anaona dzina la kampani, analimva pa chimkuzamawu, ndipo ena a iwo anagula. Tsono kalata yanu iyenera kumuikira m'manja mawu amene iye adzayankhe nawo akadzafunsidwa.

Mpira wa dziko lino ndiwo mboni ya zimenezi. Timu imodzi yomweyo ya mu mzinda wa Blantyre yakhala ikutchedwa Bata Bullets, Total Big Bullets, ndipo pambuyo pake Nyasa Big Bullets. Inzake ija yatchedwapo Yamaha Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers ndi Mighty Mukuru Wanderers. Chikho cha Airtel Top 8 chinayamba m'chaka cha 2017, cha FDH Bank m'chaka cha 2021, ndipo cha Castel, chimene chimayambira m'maboma, m'chaka cha 2023. Mwa zonsezi palibe pamene kampani inapereka ndalama dzina lake nkubisika. Chimene inagula ndi malo pachifuwa cha wosewera ndi pakamwa pa woulutsa mawu. Inu a kumudzi mulibe wailesi ya kanema kapena bwalo la Kamuzu, koma muli nacho chinthu chimene kampani ya m'tauni imachipeza movutikira, ndicho khamu la alimi, oŵeta ng'ombe za mkaka, ogulitsa tomato ndi kabichi, akabaza ndi ana asukulu, osonkhana malo amodzi mwa kufuna kwawo, ali okondwa, Loweruka lililonse kwa miyezi iŵiri.

Chifukwa chake musanalembe chilembo chimodzi, sankhani kampani imene ili ndi chogulitsa kwa anthu amenewo. Wogulitsa mbewu ndi feteleza amafuna kukumana ndi alimi mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe. Wogulitsa nyali zoyendera dzuŵa amafuna midzi yopanda magetsi. Mabanki ndi makampani a lamya amafuna anthu otsegula maakaunti ndi kulembetsa manambala. Ogula mkaka ndi ogula nandolo amafuna kukondedwa ndi alimi amene amawagulitsa. Kampani yogulitsa galimoto zatsopano, ngakhale ikhale yolemera chotani, ilibe chimene ingakolole pa bwalo la ku Namitambo, ndipo kuilembera n'kutaya pepala. Za moŵa ndi fodya zilingalireni bwino ndi mafumu ndiponso aphunzitsi: ngati bwalo ndi la sukulu, kapena ngati osewera ena ndi ana osafika zaka 18, dzina la moŵa lisapachikidwepo.

Ŵerengani mtengo musanapemphe

Monga Malemba atichenjeza za womanga nsanja wosayamba waŵerengera mtengo wake, momwemonso komiti yopempha "thandizo lililonse limene mungathe" imadziulula yokha kuti sinakhale pansi. Tiyeni titenge chitsanzo cha komiti yongoyerekeza ya kufupi ndi Namitambo, ndipo ndalama zimene zitchulidwe pano zikhale zongophunzitsira, pakuti mitengo ya m'sitolo imasintha msanga. Amene anaona kwacha ikugwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sangadalire mtengo umene anaumva chaka chatha.

Komitiyo ili ndi matimu 16, ndipo asewera mwachipulula, wogonja kutuluka. Ndime yoyamba ili ndi masewero 8, yachiŵiri 4, yachitatu 2, ndipo potsiriza pali fainolo pamodzi ndi masewero olimbirana malo achitatu. Onse pamodzi ndi 16. Posewera aŵiri pa tsiku, mpikisano utenga masiku a Loweruka 8, kuyambira kumayambiriro kwa Ogasiti kufikira kumapeto kwa Seputembala. Mphoto za matimu atatu opambana aziika pa K400,000, K250,000 ndi K150,000, ndiye kuti K800,000. Chikho ndi mamendulo K150,000. Mipira 8 pa K40,000 umodzi ndi K320,000. Oyimbira atatu pa masewero alionse, ogaŵana K15,000, adzadya K240,000. Majezi a matimu aŵiri ofika mu fainolo K600,000. Chimkuzamawu pa K30,000 tsiku lililonse ndi K240,000. Ndipo laimu wolembera bwalo, maukonde ndi bokosi la chithandizo choyamba K150,000. Zonse zakwana K2,500,000.

Apa ndi pamene makomiti ambiri amaphonya, popempha ndalama yonseyo ngati kuti eni mudzi alibe manja. Komiti yathuyi yalamula kuti timu iliyonse ilipe K25,000 yoloŵera, zimene zibweretsa K400,000, ndipo eni magolosale a pamsika alonjeza K100,000. Motero ili nayo K500,000 yakeyake, ndipo chimene ipempha ndi K2,000,000. Woŵerenga kalata akaona kuti gawo limodzi la magawo asanu latuluka m'matumba a anthu a m'mudzi, amadziŵa kuti mpikisanowo uli ndi eni ake amene sadzaulola kufera panjira. Pa majezi, mipira ndi chikho, katengeni kwotesheni yolembedwa ndi kudindidwa ku sitolo ya ku Limbe kapena ku Blantyre, ndipo muiphatike ku kalatayo.

Khamu nalonso liŵerengedwe moona. Ngati chaka chatha munali ndi mpikisano, kumbukirani mmene anthu ankadzazira, kapena pa masewero a ubale amene akubwera tumani anyamata anayi, aliyense aŵerenge mbali imodzi ya bwalo. Komiti ya m'chitsanzo chathu inapeza anthu ngati 400 pa tsiku wamba ndi ngati 2,000 pa fainolo. Masiku 7 a anthu 400 ndi 2,800, kuphatikiza fainolo ndi 4,800. Koma chenjerani ndi kanenedwe kake: amenewa si anthu 4,800 osiyanasiyana, pakuti ambiri ndi omwewo obwera sabata ndi sabata, ndipo n'koyenera kulemba motero. Ena amaganiza kuti akalemba 50,000 ndiye kuti kalata yalemera, osadziŵa kuti woiŵerengayo akudziŵa kuti boma lonse la Chiradzulu, pa kalembera wa 2018, linali ndi anthu ongopitirira pang'ono 350,000, ndipo sangakhulupirire kuti munthu mmodzi mwa asanu ndi aŵiri alionse adzakhala pa bwalo la sukulu imodzi. Bodza limodzi lotere limaipitsa ndi zoona zomwe zili m'kalatamo.

Kalata yeniyeni

Kalata ikwane tsamba limodzi, bajeti ndi zina zikhale pa mapepala ophatikapo. Ikhale yotayipa, pakuti pa malo a malonda ambiri pali otayipa ndi kusindikiza pa mtengo wochepa. Maofesi ambiri a m'tauni amayendetsa makalata awo m'Chingerezi. Chotero yambani mwaikonza m'Chichewa, komiti yonse imve ndi kuvomera chimene ikulonjeza, kenaka mphunzitsi wodziŵa bwino aitembenuze osawonjezamo zake. Kwa wamalonda wa konkuno, monga mwini chigayo kapena wogulitsa zipangizo za ulimi pa Mbulumbuzi, Chichewa chomwecho n'chokwanira ndiponso n'chaulemu. Pamwamba pakhale dzina la komiti, keyala, nambala ya lamya ndi tsiku. Pansi pake udindo wa wolandira, ndipo ngati mungathe kufunsa dzina lake kwa wogulitsa katundu wa kampaniyo wa kufupi ndi inu, lilembeni molondola. Thunthu lake likhoza kuyenda motere:

"Wolemekezeka Bwana, PEMPHO LOTI KAMPANI YANU IKHALE MWINI DZINA LA CHIKHO CHA MPIRA WA MIYENDO. Ife a komiti ya mpira ya dera lino, m'boma la Chiradzulu, takonza mpikisano wa matimu 16 a m'midzi yozungulira, umene udzaseweredwe Loweruka lililonse kuyambira sabata yoyamba ya Ogasiti kufikira sabata yotsiriza ya Seputembala, nyengo imene alimi akuno amakonzekera kugula mbewu. Pa tsiku wamba timakhala ndi oonerera ngati 400, ndipo pa fainolo ngati 2,000, ambiri a iwo alimi a chimanga, nandolo ndi ndiwo zamasamba. Mpikisano wonse ufuna K2,500,000. Ife tasonkha kale K500,000, ndipo tikupempha kampani yanu K2,000,000, kaya ndalama kaya katundu wake, monga bajeti yophatikidwayi ikusonyezera.

"Kampani yanu ikavomera, chikhochi chidzatchedwa ndi dzina lanu m'makalata onse ndi m'zolengeza zonse, nsalu zinayi za dzina lanu zidzapachikidwa pa bwalo masiku onse 8, chizindikiro chanu chidzakhala pachifuwa pa majezi a matimu aŵiri a mu fainolo, amene adzapitirize kuwavala chaka chonse, wolengeza pa chimkuzamawu adzaŵerenga uthenga wanu masewero asanayambe, pa nthawi yopuma ndi pomaliza, mudzapatsidwa malo pafupi ndi poloŵera oti muikepo tenti yoonetsera ndi kugulitsa katundu wanu, nthumwi yanu idzalankhula kwa anthu ndi kupereka chikho pa fainolo, ndipo palibe kampani ina yogulitsa mbewu imene idzaloledwe kutsatsa malonda pa bwalopo. Pasanathe masabata aŵiri mpikisano utatha, tidzakutumizirani lipoti la ndalama, malisiti ndi zithunzi. Ngati simungathe kutenga zonse, mukhoza kutenga majezi okha pa K600,000, kapena mipira yokha pa K320,000. Tikupempha yankho lanu pofika pa 30 Juni, kuti nthawi yodinda majezi ipezeke, ndipo ndife okonzeka kudzaonana nanu ku ofesi kwanu tsiku limene mungatiitane. Ife anu, Wapampando, Mlembi ndi Msungichuma."

Taonani kuti m'kalatayi mulibe mawu akuti ndife osauka, kapena akuti achinyamata athu aloŵerera. Zoterozo zingakhale zoona, koma makalata onse a pa tebulopo akunena zomwezo, ndipo sizisiyanitsa inu ndi ena. Taonaninso kuti lonjezo lililonse ndi loŵerengeka: nsalu zinayi, masiku 8, uthenga katatu pa masewero. Mawu akuti "tidzakutchukitsani kwambiri" sangayesedwe ndi muyeso ulionse, pamene nsalu zinayi munthu angathe kubwera mwakachetechete Loweruka lina nkudzaziŵerenga.

Pa malonjezo onsewa, aŵiri ndiwo olemera koposa, ngakhale makomiti amawapeputsa. Loyamba ndi malo a tenti, pakuti pamenepo kampani simangoonekera chabe, komanso imagulitsa, imalembetsa anthu, ndipo wantchito wake amabwerera ku ofesi ndi chiŵerengero m'manja. Lachiŵiri ndi lakuti wopikisana naye pa malonda sadzakhalapo. Komiti imene ilandira majezi kwa kampani imodzi ya lamya, mawa nilandiranso mipira kwa inzake yopikisana nayo, nizipachika nsalu zawo moyang'anizana, idzataya onse aŵiri. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mungathe kulembera makampani atatu kapena anayi nthawi imodzi, koma akhale a malonda osiyana, ndipo dzina la chikho ligulitsidwe kwa mmodzi yekha.

Musalonjeze chimene sichili m'manja mwanu. Atolankhani a MBC, a Zodiak kapena a Times mungathe kuwaitana, ndipo lembani kuti mudzawaitana. Koma kunena kuti fainolo idzaulutsidwa pa wailesi, musanagwirizane ndi wailesiyo ndi kudziŵa mtengo wake, ndi ngongole imene simudzatha kuibweza. Chimodzimodzinso nduna kapena phungu: musalembe kuti adzabwera chifukwa choti winawake anamva choncho. Ndipo kunena zoona, makampani ambiri sakonda kuti dzina lawo liime pafupi ndi mbendera ya chipani, makamaka chaka cha masankho. Ngati chikho chanu chathandizidwa kale ndi wandale, nenani poyera, kampani isadzadzidzimuke pa tsiku la fainolo. Ngati pali matimu a ntchemberembaye okonzeka, n'chanzeru kuwaphatikiza ndi kuwaikira bajeti yawo, pakuti amayi amabwera ndi khamu lawo, ndipo pa zogula zambiri za pakhomo iwo ndiwo amasankha.

Mboni za kalata ndi njira ya ndalama

Kampani siikudziŵani, ndipo inalandirapo makalata a mipikisano imene sinaseweredwe n'komwe. Chifukwa chake kalata yanu ipite ndi mboni: kalata yachidule ya a gulupu kapena a mfumu yaikulu yokhala ndi chidindo, chilolezo cha mphunzitsi wamkulu ngati bwalo ndi la sukulu, ndi mawu ochokera ku ofesi ya zamasewero ya ku khonsolo ya boma kapena kwa komiti ya mpira ya m'boma, imene ili pansi pa bungwe la mpira la m'chigawo cha kummwera, nalonso pansi pa FAM, imene likulu lake lili ku Chiwembe ku Limbe. Kudzera kwa amenewa mungapezenso oyimbira ophunzira ntchito yawo, osakhala a m'mudzi wa timu iliyonse. Onjezani mndandanda wa matimu, ndondomeko ya masewero, malamulo a mpikisano, ndi zithunzi ziŵiri kapena zitatu za khamu la chaka chatha, zojambulidwa moonetsa anthu, osati osewera okha.

Malamulo aja si chokongoletsera. Chimene mkulu wotsatsa malonda amaopa koposa kutaya ndalama ndi chithunzi cha woyimbira akuthamangitsidwa ndi miyala pansi pa nsalu ya kampani yake, kapena fainolo yolephereka chifukwa timu ina yakana kuloŵera pachipata poopa zithumwa. Lembani momveka kuti timu imene ochemerera ake achita ziwawa idzachotsedwa, kuti wosewera mmodzi saseweranso timu yachiŵiri, kuti madandaulo amaperekedwa molemba tsiku lomwelo, ndi kuti apolisi a pafupi pamodzi ndi achitetezo cha m'mudzi adziŵitsidwa masiku onse a masewero.

Za ndalama, njira yoyenera ndi akaunti ya ku banki ya m'dzina la komiti, yosainira anthu atatu, aŵiri alionse mwa iwo nkutha kutapa. Kalata yonena kuti ndalama zitumizidwe pa Airtel Money kapena pa Mpamba ya munthu mmodzi imanunkha, ngakhale munthuyo akhale mkulu wa mpingo. Ngati komiti ilibe akaunti, pemphani kuti kampani ilipire yokha ku sitolo ya majezi ndi mipira, ndi kuti mphoto idzapereke ndi dzanja lake pa tsiku la fainolo. Makampani ambiri amakonda njira imeneyi, ndipo imapulumutsa msungichuma ku miseche ya m'mudzi.

Nthawi yotumiza ndi kulondola yankho

Kalata ya mpikisano wa mu Ogasiti ichoke mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, pakuti pempho limadutsa m'manja angapo lisanavomerezedwe, ndipo majezi amafuna masabata ake kuti adindidwe. Popeza Chiradzulu ndi woyandikana ndi Blantyre, ulendo wa minibasi wa m'maŵa umodzi ukwanira kuti anthu aŵiri a komiti, ovala bwino, akapereke kalata pamanja. Tengani makope aŵiri, ndipo pemphani wolandira alendo kuti adinde ndi kulemba tsiku pa kope lanu. Funsaninso mwaulemu dzina ndi nambala ya ofesi imene kalatayo ipite. Kope lachitatu lisiyeni kwa wogulitsa katundu wa kampaniyo wa kwanuko, chifukwa iye ndiye adzapindule ndi tenti ija, ndipo liwu lake limamveka ku likulu kuposa lanu.

Pakapita masabata aŵiri, mlembi aimbe lamya kamodzi, atchule tsiku la chidindo chija, nafunse ngati pali china chimene chikufunika. Kuimba tsiku ndi tsiku, kapena kuti aliyense wa m'komiti aziimba payekha, kumatopetsa ndipo kumaonetsa kuti mulibe mtsogoleri. Akakufunsani za chiŵerengero cha anthu, za tsiku la fainolo kapena za kukula kwa nsalu, dziŵani kuti kalata yaŵerengedwa ndipo ili moyo. Akangoti "tikuyang'anabe" kufikira tsiku lija la 30 Juni litadutsa, tembenukirani kwa ena, ndipo chepetsani mphoto molingana ndi ndalama zimene zilipo, pakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Musalengeze kwa matimu mphoto ya K400,000 pamene m'manja muli lonjezo la pakamwa lokha.

Akavomera, pemphani kuti chivomerezocho chilembedwe, chonena ndalama kapena katundu, tsiku loperekera, ndi amene adzapange nsalu ndi kudinda majezi. Chizindikiro cha kampani musachijambule nokha ndi penti, koma atumize okha chojambula chovomerezeka, popeza mtundu wolakwika pa jezi umawakwiyitsa kuposa mmene mungaganizire. Kuyambira Loweruka loyamba, sankhani munthu mmodzi wokhala ndi foni yojambula bwino, ntchito yake ikhale yojambula nsalu zili pamalo pake khamu lili kumbuyo, tenti anthu ataizungulira, ndi nthumwi ikupereka chikho. Wina alembe m'kope chiŵerengero cha anthu tsiku lililonse, ndipo msungichuma asunge lisiti ya chinthu chilichonse, ngakhale ya laimu. Pasanathe masabata aŵiri fainolo itachitika, monga kalata inalonjezera, tumizani lipoti la masamba aŵiri: ndalama zimene zinaloŵa ndi mmene zinatulukira, matimu amene anapambana, anthu amene anabwera poyerekeza ndi amene munanena, ndi chilichonse chimene sichinayende bwino pamodzi ndi mmene munachikonzera. Ngati patsala ndalama, itchuleni ndi kufunsa chochita nayo. M'ndime yotsiriza ya lipotilo tchulani mwezi umene mukufuna kudzasewera chaka chamawa, kuti mkulu uja akamakonza bajeti yake ya chaka chotsatira adziŵiretu malo oti akuikeni.